Kugunda kwa mawu

Kugunda kwa mawu ndi kukula ndi kuchepa kwa mphamvu ya mawu mobwerezabwereza, komwe kumamveka pamene zinthu ziwiri zikulira pamodzi ndipo mafrikwensi ake akusiyana pang'ono. Frikwensi ndi chiwerengero cha maulendo amene chinthu chimanjenjemera pa sekondi imodzi, ndipo imayezedwa m'mahezi (Hz). Khutu silimva mawu awiri osiyana. Limamva liwu limodzi lomwe likuchita ngati "wa-wa-wa".

Chiyambi chake

Tiyerekeze nsambo ziwiri za gitala, ina ya 110 Hz, ina ya 108 Hz, zitayamba kunjenjemera mogwirizana. Poyamba mafunde ake amakankha mpweya nthawi imodzi, choncho mawu amamveka mwamphamvu. Pakatha kota ya sekondi, yoyamba imakhala itanjenjemera maulendo 27.5, yachiwiri 27. Apa ina ikamakankha mpweya, inzake imakhala ikukoka, ndipo mawu amazilala. Pa theka la sekondi zimafika pa 55 ndi 54, n'kugwirizananso. Motero mawuwo amagunda kawiri pa sekondi.

Kapezedwe ka frikwensi ya kugunda

Lamulo lake ndi f = |f₁ − f₂|, kutanthauza kuti frikwensi yaing'ono imachotsedwa pa yaikulu. Munthu amene wawerenga kugunda 15 m'masekondi 5 wapeza 3 Hz. Koma nambalayi siinena mbali imene nsambo yaphonyera: poyerekeza ndi 110 Hz, ikhoza kukhala pa 107 Hz kapena pa 113 Hz.

Kutchuna ndi khutu

Pa gitala yotchunidwa mwa masiku onse, nsambo yachisanu imalira A wa 110 Hz. Nsambo yachisanu ndi chimodzi, yonenepa kuposa zonse, ikadinidwa pa fureti yachisanu imayenera kulira A yemweyo. Woimba amakhwatcha ziwirizi pamodzi n'kumvetsera. Akamva kugunda, amakunga pang'ono nsambo yachisanu. Kugunda kukayamba kuchedwa ndiye kuti nsamboyo inali yotsika, ndipo apitirize kukunga. Kukafulumira ndiye kuti inali yokwera kale, aimasule. Ziwirizi zagwirizana pamene kugunda kwatha ndipo liwu likumveka mosalala.

Ubwino wa njirayi uli kumapeto kwake. Kusiyana kwa theka la hezi n'kovuta kukuzindikira pomva nsambo imodziimodzi, koma pamodzi kumamveka ngati kugunda kumodzi pa masekondi awiri alionse. Pamafunika kudekha, chifukwa wofulumira kukhwatchanso amaganiza kuti wamaliza kugunda kusanamveke n'komwe. Kudina nsambo mwamphamvu kwambiri nakonso kumasokoneza, popeza kumaikunga n'kukweza liwu lake.

Njirayi imathandiza pokhapokha mawu atayandikana kale. Kusiyana kukafika pa 15 kapena 20 Hz, kugunda sikuwerengekanso ndipo liwu limangomveka lokhakhala. Imangofananitsanso nsambo ndi inzake, choncho yoyambirayo ikakhala yolakwika, gitala yonse imagwirizana yokha koma imasemphana ndi zida zina.