Mpira wa Ulusi ndi Nkhokwe: Momwe Ahindu Anasiyanitsira Karima ndi Zolembedweratu

Mawu oti karima afika kutali masiku ano. Munthu wankhanza akagwa m'mavuto, ena amati karima yamupeza, ndipo munthu wosauka akalephera kutukuka, ena amati ndi karima yake, palibe chomwe angachite. Pa kalankhulidwe kotere karima imamveka ngati dzina lina la tsoka, kapena la zinthu zolembedweratu zomwe munthu sangazizembe. Ine ndikuona kuti mbiri ya ku Indiya ikunena zosiyana. Chiphunzitso cha karima chinakula chikukangana ndi chiphunzitso cha zolembedweratu, ndipo mkanganowo ndi umene umatithandiza kumva tanthauzo lake.

M'chinenero cha Sansikiriti, karima poyamba ankangotanthauza ntchito kapena chochita. M'mabuku akale kwambiri a Ahindu, otchedwa Veda, ntchito yomwe inkanenedwa kwambiri inali yopereka nsembe pamoto. Wansembe akatsata mwambo bwinobwino, nsembeyo inkayenera kubala zipatso zake, monga ana, ng'ombe kapena malo abwino kumwamba. Ganizo loti chochita chili ndi chotsatira chake linalipo kale, koma linali lomangika ku guwa la nsembe.

Kusintha kukuonekera m'mabuku otchedwa Upanishadi, omwe akale kwambiri mwa iwo analembedwa kumpoto kwa Indiya zaka mazana angapo Khristu asanabadwe, Buda asanayambe kuphunzitsa. Limodzi mwa mabukuwa limasimba za mtsutso umene unachitika kubwalo la Janaka, mfumu ya ku Videha. Mphunzitsi wina, Aritabaga, anafunsa Yajinavalikya kuti munthu amakhala kuti akafa, ziwalo zake zitabwerera ku moto, mphepo, dzuwa ndi dothi. Yajinavalikya sanayankhe pagulu. Anamugwira dzanja, napita naye pambali, ndipo bukulo limatiuza kuti chimene anakambirana kumeneko chinali karima, kuti ntchito zabwino zimamupanga munthu kukhala wabwino ndipo zoipa zimamupanga woipa. Kupita pambaliko kumandichititsa chidwi, chifukwa kukusonyeza kuti nthawi imeneyo ganizoli linali lachilendo, losayenera kulengezedwa pabwalo.

Apa karima inatuluka m'bwalo la nsembe n'kulowa m'moyo wonse wa munthu, ndipo inalumikizana ndi kubadwanso. Ahindu amati m'munthu muli atimani, chenicheni cha munthuyo chomwe sichifa, ndipo thupi likatha iye amabadwanso m'thupi lina. Kuzungulira kumeneku kwa kubadwa ndi kufa amakutcha samusara. Chimene chimasankha kumene munthu akabadwire ndi zomwe anachita. Tisaganize kuti kubadwanso ankakuona ngati mphoto yosangalatsa. Cholinga chachikulu chinali kutulukamo m'kuzungulirako, ndipo kumasuka kumeneko ndiko mokisha.

Si onse anavomereza. M'nthawi ya Buda ndi Mahavira, mphunzitsi wamkulu wa Ajaini, m'chigwa cha mtsinje wa Ganga munali mphunzitsi wina wotchedwa Makali Gosala, mtsogoleri wa gulu la Aajivika. Mabuku a Ajaini amati iye anayenda ndi Mahavira zaka zisanu ndi chimodzi asanapatukane, ndipo pambuyo pake ankakhala mumzinda wa Savati, kunyumba ya mayi wina woumba mbiya. Gosala sankakana kubadwanso. Chimene ankakana ndi chakuti khama la munthu lingasinthe kanthu. Iye ankaphunzitsa niyati, mphamvu yomwe inakonzeratu zonse. Chamoyo chilichonse chili ndi ulendo wake woyezedwa kale, wa nyengo zazikulu zokwana 8,400,000, ndipo wanzeru ndi wopusa omwe adzafika kumapeto pa nthawi yoikika, osafulumira ngakhale kuchedwa. Mabuku a Abuda amasunga fanizo lake la mpira wa ulusi: ukauponya umamasuka mpaka pomwe ulusi wathera, ndipo palibe pemphero, kusala kudya kapena ntchito yabwino imene ingautalikitse kapena kuufupikitsa.

Aajivika sanali kagulu konyozeka. Mfumu Ashoka, yemwe analamulira cha m'ma 268 mpaka 232 Khristu asanabadwe, anawapatsa mapanga osemedwa m'thanthwe pamapiri a Barabara, m'dera lomwe lero ndi Bihar, ndipo mdzukulu wake Dasharata anawapatsa ena pamapiri oyandikana nawo a Nagarijuni. Mawu opereka mphatsozo akadali pamakoma mpaka lero. Gululi linapitirira kum'mwera kwa Indiya mpaka cha m'ma 1300, kenako linatha. Mabuku awo enieni anasowa, choncho zambiri za chiphunzitso chawo timazimva kwa adani awo, Abuda ndi Ajaini. A. L. Basham, yemwe anasonkhanitsa umboniwu m'buku lake la mu 1951, anagwira ntchito yomanga mbiri ya anthu kuchokera m'mawu a omwe ankawatsutsa.

Nkhani imodzi ya m'mabuku a Ajaini imaonetsa bwino pomwe panali mkangano. Panali woumba mbiya wolemera dzina lake Sadalaputa, wotsatira Gosala. Tsiku lina akuyanika mbiya zake padzuwa, Mahavira anamufunsa kuti mbiyazo zinapangidwa bwanji. Iye anafotokoza kuti dongo analikanda ndi madzi, naliika pagudumu loumbira. Atafunsidwa ngati zimenezo sizinali khama la munthu, anati ayi, zonse zinakonzedweratu. Mahavira anamufunsanso chimene angachite munthu wina atamubera mbiya kapena kuziphwanya, kapena atamusokonezera mkazi wake. Sadalaputa anati angamumenye munthuyo, mwinanso kumupha. Pamenepo msampha unafwamphuka. Ngati zonse zinakonzedweratu, palibe amene waphwanya mbiya, zangophwanyika monga zinayenera, ndipo kumulanga munthuyo n'kopanda pake. Koma ngati akuyenera chilango, ndiye kuti anachitadi kanthu mwa iye yekha. Nkhaniyi ndi ya Ajaini, koma funso lake ndi lomwe aliyense wokhulupirira karima ankawafunsa Aajivika. Nalonso buku lina la Upanishadi, lotchedwa Shivetashivatara, limatchula niyati pamndandanda wa zinthu zomwe ena ankati ndizo gwero la zonse, n'kuzikana.

Komabe Ahindu sanataye mawu onena za tsoka ndi mwayi. Anali ndi mawu oti dayiva, kutanthauza chochokera kwa milungu, ndipo m'ndakatulo yaikulu ya Mahabarata anthu amadandaula kawirikawiri kuti dayiva ndi yamphamvu kuposa munthu. M'ndakatulo yomweyo, Yudishitira akufunsa Bishima kuti champhamvu n'chiti pakati pa dayiva ndi khama, ndipo yankho likubwera m'fanizo la mbewu ndi munda: chimodzi popanda chinzake sichibala kanthu. Aphunzitsi a pambuyo pake anapita patsogolo, nanena kuti chimene anthu amachitcha dayiva ndi ntchito za munthu yemweyo za m'miyoyo yapita, zomwe iye waziiwala. Buku lotchedwa Yoga Vasishita limayerekeza khama lakale ndi khama la lero ndi nkhosa ziwiri zamphongo zomwe zikugundana, ndipo yamphamvu ndiyo imapambana. Mwa njira imeneyi tsoka linalandidwa ufumu wake. Linasiya kukhala lamulo lochokera kunja, n'kukhala ngongole ya munthu mwini.

Kuti zimveke bwino, aphunzitsi a Vedanta anagawa karima patatu, ndipo fanizo la nkhokwe limathandiza. Sanchita ndi zonse zomwe munthu anachita m'miyoyo yambirimbiri zomwe sizinabale zipatso, ngati chimanga chodzaza m'nkhokwe. Purarabuda ndi gawo lomwe latapidwa kale kuti ligwire ntchito m'moyo uno, ngati chimanga chomwe chapita kuchigayo, chosathekanso kubwezedwa. Agami ndi zomwe munthu akuchita panopa, mbewu zomwe akudzala, zomwe zidzalowe m'nkhokwe mtsogolo.

Titenge munthu wobadwira m'banja losauka, thupi lake lodwaladwala. Mphunzitsi wa Vedanta anganene kuti banjalo ndi thupilo ndi purarabuda, ndipo sizingafafanizidwe. Pa gawo ili lokha karima imafanana ndi zolembedweratu. Koma munthuyo akapeza chikwama cha ndalama cha mnansi wake panjira, kubweza kapena kubisa sikunalembedwe kulikonse. Chimene asankhe ndi agami, ndipo chidzakhala ndi zotsatira zake. Nkhokwe yonseyo nayonso si yamuyaya, chifukwa a Vedanta amati kudzidziwa kwenikweni kumaiwotcha ngati mbewu zokazinga zomwe sizimeranso, ndipo chotsala ndi purarabuda yokha, yomwe imatha thupi likatha. Gosala akanamuuza munthu yemweyu kuti kubweza kapena kubisa chikwamacho kunali kale mu ulusi.

Kusiyana kwake kuli pa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti analemba ndani. Pa niyati munthu alibe dzanja pa zomwe zimamugwera, pomwe pa karima wolemba ndi iye mwini. Lachiwiri ndi lakuti kulembako kunatha kapena ayi. Pa niyati buku linatsekedwa kalekale, pomwe pa karima masamba akale sasinthika koma tsamba la lero likulembedwabe.

Pali malire omwe mbiri siitilola kuwabisa. Munthu sakumbukira miyoyo yake yakale, ndiye palibe njira yoti atsimikizire kuti vuto lakuti linachokera ku ntchito yakuti. Chiphunzitso chotere n'chosavuta kuchigwiritsa ntchito molakwa, makamaka chikakhala m'kamwa mwa amene zinthu zikuwayendera. Ngakhale Upanishadi ya Chandogya imalumikiza khalidwe labwino ndi kubadwira m'magulu apamwamba, ndipo khalidwe loipa ndi kubadwa ngati galu, nkhumba kapena munthu wa gulu losalidwa. Kwa zaka mazanamazana, ganizo limeneli linathandiza kuuza anthu oponderezedwa kuti malo awo anadzipezera okha. B. R. Ambedkar, yemwe anabadwira m'gulu la anthu osalidwawo ndipo anatsogolera komiti yolemba malamulo oyendetsera dziko la Indiya, anakana kamvedwe kameneka, ndipo pa 14 Okutobala 1956 ku Nagpur analowa Chibuda pamodzi ndi khamu lalikulu la omutsatira.

Ndikaunika zonsezi ndimapeza chizindikiro chimodzi chodziwira ngati wolankhula akunena karima kapena wabweretsa niyati m'chovala cha karima. Akamagwiritsa ntchito mawuwa pofotokoza chifukwa chake mnzake akuvutika, n'kuthera pomwepo, wasunga purarabuda yokha ndipo wataya agami. Paja mwa chiphunzitso chomwecho, kumuona munthu wovutika n'kumulambalala ndi ntchitonso, ndipo nayo ikulowa m'nkhokwe ya wolambalalayo. Aajivika anatha, mabuku awo anasowa, koma ganizo lawo limabwerera nthawi iliyonse pamene karima yatchulidwa pofuna kumuuza munthu kuti akhale chete.