Zilembo za Mtobvu ndi Aŵerengi Atsopano

Kale ku Ulaya buku liri lonse linali kulembedwa ndi dzanja. Mlembi mmodzi anali kutha caka cathunthu kapena kuposa pamenepo polemba Baibulo limodzi, motero mabuku anali cuma ca ansembe ndi mafumu okha.

Pafupi ndi caka ca 1040 munthu wa ku China, dzina lace Bi Sheng, anaumba zilembo za dothi, ndipo a ku Korea anasindikiza buku ndi zilembo za citsulo mu 1377. Koma luso limene linafika kuno ndi la Johannes Gutenberg wa ku Mainz, m'dziko la Jeremani, amene anayamba nchito yace ca m'ma 1450.

Nzeru yace inali yotere. Anasema cilembo pansonga ya citsulo colimba, nacikhomera pa mkuwa kuti pakhale cikombole. M'cikombolemo anathira mtobvu wosungunuka wosanganiza ndi zitsulo zina, ndipo munaturuka zilembo zambiri zofanana. Wosanja anali kutola cimodzicimodzi kufikira tsamba litakwana. Pamenepo anapaka inki, natsindika pepala. Zilembozo zinali zotembenuka monga m'kalirole, cifukwa cace kunali kwapafupi kusokoneza b ndi d, kapena kuika n cozondoka nakhala u. Pofuna kugwira zolakwazi anayamba asindikiza tsamba limodzi loyesera. Atatha, anamasula zilembo zonse nazisanjanso pa tsamba lina. Apa ndipo panagona phindu.

Ca m'ma 1455 Gutenberg anatsiriza Mabaibulo okwana ngati 180. Koma anali m'Cilatini, ndipo mlimi wamba sanathe kuwagula kapena kuwamva. Aŵerengi anacuruka pamene mabuku anayamba kuturuka m'zinenero za anthu eni ace, monga Cipangano Catsopano ca Martin Luther m'Cijeremani mu 1522.

Kuno kunacitikanso cimodzimodzi. Amishoni anadza ndi makina ang'ono, nasindikiza mabuku a sukulu ku Blantyre ndi ku Nkhoma. Mu 1935 Lusaka anakhala likulu la Northern Rhodesia, mafakitale a ku Heavy Industrial Area asanacuruke. Caka comweco anchito a ku migodi ya mkuwa ananyanyala nchito, ndipo Boma linada nkhawa ndi timabuku ta Citawala timene anthu anali kuŵerenga. Motero mu 1936 linayambitsa nyuzipepala ya Mutende, yolembedwa m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi ndi Cingerezi. Wodziŵa kuŵerenga anali kuŵerengera anzace mokweza, ndipo ambiri anatumiza makalata ao kwa mkonzi.

Komabe mwini makina ndiye anali kusankha zoti zisindikizidwe. Mutende unali pakamwa pa Boma, ndipo pa nthawi ya mkangano wa Citaganya anthu ambiri analeka kuukhulupirira, kufikira unatha mu 1952. Aŵerengi amene unawalera sanaleke kuŵerenga. Anafunafuna nyuzipepala zina zonena zimene zinali kumtima kwao.