Chithunzi cha puresha ndi voliyumu ya mtima

Ichi ndi chithunzi chosonyeza zimene zimachitika m'chipinda chakumanzere cha mtima pa kugunda kumodzi. Kuchuluka kwa magazi kumalembedwa chopingasa, puresha choimirira, ndipo mzere umazungulira mosemphana ndi mayendedwe a wotchi: chipinda chimadzaza, chimafinya mavalavu ali otseka, chimatulutsa magazi mu aota, kenako chimamasuka.

Mwa munthu wamkulu wathanzi, chipinda chimadzaza kufika pafupifupi mamililita 120 ndi kutsala ndi 50 chikafinya. Kusiyanako, mamililita 70, ndiwo m'lifupi mwa chithunzi.

Pirilodi ndi kutanuka kwa minofu ya mtima isanafinye. Wodwala akaikidwa diripi, malire akumanja amasunthira kumanja, mwina kufika 140, chithunzi n'kukula m'lifupi. Afutalodi ndi puresha imene chipinda chiyenera kugonjetsa. Ikakwera, valavu ya aota imachedwa kutseguka ndipo imatseka magazi ambiri akadali m'kati, motero chithunzi chimatalika n'kuwonda.

Mphamvu yeniyeni ya kufinya ndiyo yovuta, chifukwa chithunzi chimodzi sichingaiulule. Ofufuza amatseka kwakanthawi mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima, n'kujambula kugunda kotsatizana. Ngodya zakumwamba kumanzere zimandandalika pa mzere pafupifupi wowongoka, monga Suga ndi Sagawa anasonyezera pa mitima ya agalu m'ma 1970. Adirenalini amauimika mzerewu, mtima wofooka umaugoneka. Kusintha pirilodi kapena afutalodi kumangoyendetsa ngodyayo pa mzere womwewo, n'chifukwa chake mzerewu ndi wodalirika kuposa kungoyeza gawo la magazi otuluka.