Funso Limodzi M'zinenero Ziwiri: Zimene Domasi Adasankha

Mukachoka mu mzinda wa Zomba kulowera ku Liwonde, simuyenda nthawi yaitali musanafike pa Domasi. Kumeneko kuli Malawi Institute of Education, bungwe lomwe lidayamba ntchito mu 1982 ndipo ndi lomwe limakonza silabasi ndi mabuku a ana a pulayimale. Bungwe lokonza mayeso la MANEB, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1987, lili mu Zomba momwemo. Choncho amene amalemba zoti mwana aphunzire ndi amene amamufunsa pamapeto pake ndi anansi. Koma kwa zaka zambiri anansi awiriwa sankamuyankhula mwanayo m'chinenero chimodzi. Mabuku a Sitandade 1 mpaka 4 ankabwera m'Chichewa, pomwe mayeso a Sitandade 8 amabwera m'Chingerezi, kupatula pepala la Chichewa lokha.

Ndi chifukwa chake ndimati mbiri yomasulira mafunso a mayeso kuno kwathu musakaifune m'mapepala a MANEB. Ili m'kalasi, m'mayeso a pakutha pa teremu, m'kafukufuku wa akatswiri, ndi m'mutu mwa mwana yemwe akuwerenga funso la Chingerezi uku akuliganiza m'Chichewa kapena m'Chiyao.

Chigwa cha Domasi chidazolowera kalekale kukhala pakati pa zinenero. Alexander Hetherwick, wa mishoni ya Church of Scotland, adatsegula siteshoni kumeneko mu 1884 m'dziko la mfumu Malemia, pakati pa anthu oyankhula Chiyao, ndipo buku lake lophunzitsa Chiyao lidatuluka mu 1889 asanalembe la Chinyanja. Mu 1929 boma la atsamunda lidatsegula pomwepo sukulu ya aphunzitsi ya Jeanes. Kenaka mu 1968 msonkhano wa chipani cha Kongeresi udagamula kuti Chichewa ndiye chinenero cha fuko, ndipo chidakhala chophunzitsira m'makalasi oyambirira dziko lonse, ngakhale kwa ana a Chiyao a m'chigwachi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma lidavomereza kuti mabuku a ana a Sitandade 1 mpaka 4 azilembedwa m'Chichewa, koma mabuku otsogolera aphunzitsi adatsalabe m'Chingerezi. Taonani pamenepo: mphunzitsi aliyense adasanduka womasulira, popanda womuphunzitsa ntchitoyo. Mu 1996 kudatuluka kalata yolola zinenero za makolo m'makalasi amenewa, mu 2014 unduna udalengeza kuti Chingerezi chiyambire Sitandade 1. Malamulo akhala akusinthasintha, koma mphunzitsi akumasulirabe.

Olemba mabuku a masamu a Chichewa adakumana ndi funso lomwe ambiri amaliona ngati laling'ono. Kodi chinthu cha mbali zitatu chija tichitche chiyani? Ku Tanzania adapeka liwu lawolawo, pembetatu, kutanthauza ngodya zitatu. Kwathu kuno adangobwereka: thirayango, sikweya, rekitango. Mercy Kazima wa ku Yunivesite ya Malawi adalembapo mu 2008 poyerekeza njira ziwirizi. Okonda chinenero ambiri amanyansidwa ndi mawu obwerekawa, amati ndi ulesi. Pa nkhani ya kuphunzitsa mwina ali ndi mfundo, pakuti thirayango silimuuza mwana chilichonse. Koma pa nkhani ya mayeso ine ndili mbali ya obwereka. Funso loti "Kodi thirayango ili ndi ngodya zingati?" likufuna kuti mwana akumbukire zimene adaphunzira, chimodzimodzi funso la Chingerezi. Mukalimasulira mofotokoza kuti "Kodi chinthu cha ngodya zitatu chili ndi ngodya zingati?" mwaulula yankho. Tanthauzo silidasinthe ngakhale pang'ono, koma funso lafa.

Manambala nawo ali ndi khalidwe lomweli. Chichewa chimawerenga mpaka zisanu, kenaka n'kuyamba kuphatikiza, ndipo Chiyao chimateronso. Nambala ya 7 ndi "zisanu ndi ziwiri". Ndiye mufunse mwana pakamwa kuti zisanu kuphatikiza ziwiri ndi zingati, yankho lake la Chichewa chenicheni n'kungobwereza funsolo, eti? N'chifukwa chake m'kalasi mumamva faifi, seveni, naini, ndipo papepala mumaona manambala osati mawu. Apa palibe vuto lalikulu, njira yake idapezeka kale.

Povuta penipeni ndi pa masamu a nkhani. Tiyeni titenge funso limodzi, lomwe ndalipeka ndekha koma mtundu wake umapezeka m'mabuku a masamu kulikonse. M'Chingerezi limanena zinthu zitatu: Chikondi ali ndi mango 8, iye ali ndi atatu kuposa amene Mavuto ali nawo, Mavuto ali ndi angati? Yankho ndi 5. Kuvuta kwa funsoli sikuli pa kuchotsera 3 pa 8, ayi. Kuli pa liwu la Chingerezi lija lotanthauza zochuluka, lomwe ana amaliloweza ngati chizindikiro chakuti aphatikize. Mwana wothamanga akangoliona amalemba 11. Wolemba funso adatchera msampha umenewo dala, kuti aone amene amawerenga n'kumvetsa kuti wochulukidwa ndani.

Womasulira woyamba, wokhulupirika ku mawu, alemba chonchi:

"Chikondi ali ndi mango 8. Mango ake ndi ochuluka kuposa a Mavuto ndi 3. Kodi Mavuto ali ndi mango angati?"

Werengani a "ndi" amene ali m'menemo. Alipo anayi, ndipo akugwira ntchito zitatu. "Ali ndi" akunena za kukhala nacho chinthu. "Ndi ochuluka" akunena mmene chinthu chilili. "Ndi 3" akunena kukula kwa kusiyanako. Poyankhula sitisokonezeka chifukwa "ndi" wonena mmene chinthu chilili timamutchula motsitsa mawu, pomwe mnzakeyo timamukweza. Koma kalembedwe kathu, kuyambira malamulo a Chichewa Board a 1973 mpaka a 1990, sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu. Mwana wowerenga pang'onopang'ono, liwu limodzilimodzi, akafika kumapeto kwa chiganizo chachiwiri aona mawu oti "a Mavuto ndi 3". Basi, wapeza yankho: a Mavuto ndi atatu. Alemba 3. Funso la Chichewali lili ndi misampha iwiri pomwe la Chingerezi linali ndi umodzi, ndipo wachiwiriwo sukuyesa masamu konse.

Womasulira wachiwiri, wachifundo, aona kuti chiganizocho n'cholemera, ndiye achikonza:

"Chikondi ali ndi mango 8. Mavuto akuperewera mango 3 kuti afanane ndi Chikondi. Kodi Mavuto ali ndi mango angati?"

Chichewa chokoma ndithu, chomwe agogo angamve popanda kufunsa kawiri. Nkhani yake ndi yomweyo, yankho ndi lomwelo. Koma liwu loti "akuperewera" lamuuza mwana kuti achotsere. Msampha wa 11 waphwasuka, ndipo funso lomwe limayenera kusiyanitsa ana omvetsa ndi ongoloweza tsopano aliyense alikhoza.

Ine ndikadalemba kuti: "Chikondi ali ndi mango 8. Iye akuposa Mavuto ndi mango 3." Mneni "akuposa" akadali ndi fungo la zochuluka, choncho mwana wothamanga akhozabe kuphatikiza. Ndipo chifukwa "Mavuto" tsopano ndi munthu osati "a Mavuto" woimira mango ake, n'kovuta kuwerenga kuti Mavuto ndi mango atatu. Sindikunena kuti kumasuliraku kwafanana ndendende ndi Chingerezi chija. Ndikungonena kuti kwasunga msampha umene udalipo popanda kuwonjezera wina.

Nanga tingadziwe bwanji kuti funso lasintha kulemera? Njira yodziwika kwambiri ndi imene Richard Brislin adaifotokoza mu 1970: wina amasulire kupita ku chinenero chachiwiri, wina yemwe sadaone choyambiriracho abwezere, kenaka muyerekeze. Njirayi imagwira mawu osiyidwa ndi matanthauzo okhota. Koma womasulira wathu woyamba uja angapambane bwinobwino, pakuti munthu wamkulu wobwezera ku Chingerezi sangasokonezeke ndi "ndi". Mayeso a PISA, omwe amalembedwa m'maiko ambiri, amayamba ndi mapepala awiri, la Chingerezi ndi la Chifalansa, kuti omasulira asamamatire kamangidwe ka chinenero chimodzi, ndipo pambuyo pake amakayesabe mafunsowo pa ana.

Kuyesa pa ana kumeneko mphunzitsi angakuchite pa sukulu pake. Tiyerekeze kalasi ya ana 80. Agaweni mwamaere, 40 alembe pepala la Chingerezi, 40 la Chichewa. Musadabwe gulu la Chichewa likakhoza bwino pafupifupi funso lililonse. Zimenezo zikungoonetsa kuti akumva chinenerocho. Chimene mukusaka ndi funso lopatuka pa anzake. Ngati pa mafunso ena onse gulu la Chichewa likuposa linzake ndi ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, koma pa funso la mango likuposa ndi 20, kumasulirako kwaulula yankho. Ngati pa funso lomwelo gulu la Chichewa ndi lomwe lagwa, kumasulirako kwabweretsa vuto lakelake. Ndipo musangowerenga okhoza, onani zimene olakwa alemba. A 11 ambiri mbali zonse ziwiri akusonyeza kuti msampha wawoloka bwino. A 3 ambiri mbali ya Chichewa yokha akuloza "ndi" uja. Ana 40 ndi ochepa, kusiyana kwa awiri kapena atatu kungakhale kwamwayi chabe, choncho njirayi imagwira zolakwika zikuluzikulu zokha. Ndipo m'chigwa ngati cha Domasi muyeneranso kuonetsetsa kuti ana oyankhula Chiyao kunyumba sadaunjikane gulu limodzi, paja kwa iwo mapepala onse awiri ali m'chinenero chophunzira.

Pali mafunso ena omwe ngakhale mutasamala chotani ndi kamangidwe ka chiganizo, sawoloka. Brian Morris, katswiri wa chikhalidwe cha anthu yemwe adachita kafukufuku wake wambiri akukhala m'dera la Domasi, adaonetsa m'buku lake la 1998 kuti liwu loti "nyama" silifanana malire ndi liwu la Chingerezi lomwe m'kalasi timalitchula kuti animo. Nyama kwa ife ndi gwape, mbuzi, kalulu, makamaka zamiyendo inayi zodyedwa, ndiponso ndiwo yomwe ili m'mbale. Njoka ndi chilombo. Ndiye funso la sayansi loti mwana asankhe chomwe chili animo pakati pa njoka, bowa, mwala ndi chimanga ndi lapafupi m'Chingerezi. Mulimasulire kuti "Kodi nyama ndi iti mwa izi?" ndipo mwana woganiza bwino aima kaye, chifukwa kwawo njoka si nyama, pomwe bowa amadyera nsima ndipo akulu amati amakoma ngati nyama. Mukafuna kumuthandiza n'kulemba kuti "chamoyo choyenda chokha", mwamupatsa tanthauzo lomwe mumafuna kuti iye akuuzeni. Funso lotere ine ndimalichotsa pa mapepala onse awiri, n'kulemba lina lofunsa za mbuzi ndi nkhuku, zomwe zinenero ziwirizi sizitsutsana kuti n'chiyani.