Kusakaniza maphunziro kapena limodzi patsiku: kusankha pokonzekera mayeso a MSCE

Wophunzira amene akukonzekera mayeso a Fomu 4 ali ndi njira ziwiri zogawira nthawi yake yowerenga. Yoyamba ndi kupatsa phunziro lililonse tsiku lake: masamu Lolemba, bayoloje Lachiwiri, Chingerezi Lachitatu. Yachiwiri ndi kusakaniza, kutanthauza kuwerenga maphunziro kapena mitu ingapo tsiku limodzi, ndi kubwereranso ku uliwonse pakapita masiku ochepa. Posankha, chofunika kuyang'ana ndi mmene pepala la mayeso limafunsira mafunso.

Zimene kafukufuku anapeza

M'chaka cha 2007, Doug Rohrer ndi Kelli Taylor a ku America anaphunzitsa ophunzira a payunivesite kupeza kukula kwa mkati mwa zinthu za maonekedwe anayi. Gulu lina linayeserera mtundu umodzi wa mafunso mpaka kumaliza lisanapite ku wina, pomwe lina linalandira mafunso osakaniza. Poyesererapo, gulu loyamba linakhoza mafunso 89 mwa 100 alionse, ndipo lachiwiri linakhoza 60. Koma atayesedwa patatha sabata imodzi, gulu loyamba linakhoza 20 okha, pamene losakaniza lija linakhoza 63.

Chifukwa chake n'chakuti amene akuyankha mafunso a mutu umodzi amadziwiratu njira yoyankhira asanawerenge n'komwe funso. Pamayeso palibe womuuza mutu umene funso lachokera, choncho ntchito yoyamba ndi kuzindikira njira yoyenera. Kusakaniza kumanola luso limeneli.

Chitsanzo cha m'masamu

Tinene kuti thirayango ili ndi mbali ya masentimita 5 ndi ina ya masentimita 8, ndipo ngodya ya pakati pa mbali ziwirizi ndi madigiri 60. Funso likufuna mbali yachitatu. Wophunzira amene wathera tsiku lonse pa lamulo la sayini amathamangira lamulo lomwelo n'kukakamira, poti silingayambike popanda mbali ndi ngodya zoyang'anizana. Amene wazolowera mafunso osakaniza amaona kaye kuti wapatsidwa mbali ziwiri ndi ngodya ya pakati, ndipo amasankha lamulo la kosayini:

```
c² = a² + b² − 2ab cos C
c² = 25 + 64 − 40 = 49
```

Mbaliyo ndi masentimita 7. Kuwerengerako n'kosavuta. Malikisi agona pa kusankha lamulo.

Pamene kusakaniza sikuthandiza

Phindu la njirayi limakula pamene mitu ikufanana moti n'kusokoneza munthu, monga malamulo awiri aja. Kuphatikiza masamu ndi mbiri yakale tsiku limodzi sikunola luso losiyanitsa, popeza palibe amene angasokoneze awiriwa. Ubwino wake ndi wina: phunziro lililonse limabwerezedwa pafupipafupi m'malo modikira sabata yathunthu.

Mutu watsopano umafuna nthawi yakeyake mpaka wophunzira atayankha yekha mafunso angapo osasuzumira m'buku. Chimangirizo cha Chichewa kapena cha Chingerezi, ndi mabuku a nkhani zamchezo ndi zolembedwa, nazonso zimafuna kukhala pansi nthawi yaitali. Kudumphadumpha mphindi khumi zilizonse kumangomwaza maganizo.

Kusankha molingana ndi mayeso

Satifiketi ya MSCE imafuna kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi. Wotenga maphunziro asanu ndi atatu, akamapatsa lililonse tsiku lake, amabwerera ku masamu patatha masiku asanu ndi atatu, zambiri zitaiwalika kale.

Kwa wophunzira woyendera wa ku Dedza, amene miyezi yake yomaliza yokonzekera imagwa m'nyengo yozizira ya Meyi ndi Juni dzuwa likulowa msanga, maola atatu a madzulo angagawidwe motere. Ola loyamba likhale la mafunso khumi a masamu ochokera m'mitu inayi kapena isanu, otengedwa m'mapepala akale a bungwe la Maneb. Ola lachiwiri lipite ku mutu umodzi umene sunamveke m'kalasi. Lachitatu likhale la chimangirizo chimodzi, cholembedwa moyang'ana wotchi. Ndandanda ya mayeso ikatuluka, tsiku lotsatizana ndi pepala lingaperekedwe lonse ku phunzirolo, popeza nthawi yoiwalira yafupika.

Zolakwa za wophunzira ndizo zimaonetsa njira imene akusowa. Ngati wasankha lamulo loyenera koma walephera kufika kumapeto, mutuwo ukufunika nthawi yakeyake. Ngati amakhoza mafunso a kumapeto kwa mutu m'buku koma pa pepala lakale sadziwa poyambira, akufunika kusakaniza. Asadabwe malikisi akatsika m'masiku oyamba. Muyeso woona ndi pepala lathunthu lolembedwa patatha sabata, buku lili chitsekere.