Tiyi wa masamba a gwafa: amaletsa kutsegula m'mimba, koma amatsekereza ayironi

Kwa Mposa, munthu akatsegula m'mimba, ambiri amathyola masamba anthete a gwafa n'kuwiritsa. Nthawi zambiri amathandizadi. Chimodzi mwa zimene zimagwira ntchito m'masambawo ndi tanini, yemwe amapezekanso mu tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje.

Mukalawa nthochi yosapsa, m'kamwa mumauma ndi kukhakhala. Ameneyo ndi tanini akugwira mapuloteni a m'malovu, n'kuwaumbitsa pamodzi, mwakuti malovu amasiya kuterera. M'matumbo amachitanso chimodzimodzi. Amagwira mapuloteni a pakhoma la matumbo, khomalo n'kukhwimirako, ndipo madzi otulukira m'chimbudzi amachepa.

Koma tanini sasankha chogwira. Amagwiranso ayironi wa m'chakudya, mchere umene thupi limapangira magazi. Mutha kudzionera nokha: ponyani msomali wadzimbiri m'kapu ya tiyi wowirira. Pakapita nthawi tiyiyo amada bii, chifukwa tanini wamangana ndi chitsulo. Ayironi womangika chonchi salowa m'magazi, amangotuluka ndi chimbudzi. Amene amagwidwa kwambiri ndi wa mu nandolo, khobwe, nyemba ndi bonongwe, zomwe ndi ndiwo zathu za tsiku ndi tsiku kuno. Wa mu nyama sagwidwa kwenikweni, koma nyamayo timaidya kangati pamwezi?

Taganizirani mayi woyembekezera amene walandira mapiritsi a ayironi kusikelo. M'mawa amamwera piritsi tiyi wowirira, masana amadya nsima ya nandolo n'kutsitsira tiyi wa gwafa chifukwa m'mimba mukuvuta. Sakudumphitsa mankhwala, koma gawo lalikulu likupita padera. Pakapita nthawi amatopa msanga polima, amachita chizungulire, ndipo zikhatho ndi mkati mwa zikope mumayererako. Mayiyu azimwera piritsi madzi, ndipo tiyi azimwa patatha ola limodzi kapena awiri atadya. Pa chakudya aonjezere chipatso cha gwafa, mango kapena madzi a mandimu, poti vitamini C amathandiza ayironi kulowa m'thupi. Tiyi wa gwafa ndi wa tsiku limodzi kapena awiri, si wa m'mawa uliwonse.

Dziwaninso kuti tiyiyu sabwezeretsa madzi ndi mchere zomwe zatayika. Imeneyo ndi ntchito ya Thanzi: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini. Mwana wosakwana miyezi 6 asamwetsedwe tiyi wa masamba aliyense. Apitirize kuyamwa ndipo mupite naye kuchipatala.

Chimbudzi chikakhala ndi magazi, kapena chikamatuluka ngati madzi otsukira mpunga, musataye nthawi ndi masamba. Mliri wa kolera wa 2022 unayambira m'boma lomwe lino la Machinga, ndipo ife a m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa matendawa timawadziwa. Munyamuleni wodwalayo, muzimumwetsa Thanzi m'njira yonse mpaka mukafike kuchipatala.