Mkaka Ukakana Munthu, Chakana ndi Shuga Kapena Mapuloteni?

Anthu awiri akhoza kunena mawu amodzimodzi, akuti "mkaka sundiyanja," pamene m'matupi mwawo mukuchitika zinthu ziwiri zosagwirizana konse. Wina akamwa mkaka m'mimba mumafufuma, mumalira, mwina n'kutsegula. Winayo amatuluka zidzolo zoyabwa, milomo n'kutupa, mpweya n'kuyamba kuperewera. Woyambayo matumbo ake akulephera kugaya shuga wa mumkaka, pamene wachiwiriyo chitetezo cha m'thupi mwake chikulimbana ndi mapuloteni a mumkaka ngati kuti ndi mdani. Ine ndikuona kuti kuphatikiza ziwirizi kumapweteketsa mbali zonse: woyamba amasiya chakudya chimene akanatha kumadyako, ndipo wachiwiri amapatsidwa malangizo amene angamuphe.

Shuga wa mumkaka amatchedwa lakitozi. Ndi mitundu iwiri ya shuga yolumikizana, gulukozi ndi galakitozi, ndipo sangalowe m'magazi pokhapokha atadulidwa pakati. Wodula wake ndi lakitezi, mchere wogaya chakudya umene umapangidwa pakhoma la matumbo aang'ono. Khanda limabadwa ndi lakitezi wochuluka chifukwa mkaka wa m'mawere uli ndi shugayu wambiri, pafupifupi magalamu 7 pa mamililita 100 alionse, pamene wa ng'ombe uli ndi magalamu ochepera pang'ono pa 5. Mwana akaleka kuyamwa, thupi limayamba kuchepetsa lakitezi pang'onopang'ono, monga momwe zimachitikira ndi mwana wa ng'ombe, wa mbuzi ndi nyama zina zoyamwitsa. Pa akuluakulu atatu alionse padziko lapansi, pafupifupi awiri ali ndi lakitezi wochepa. Choncho wamkulu amene mkaka umamutsegula m'mimba sakudwala ayi. Thupi lake likungotsata njira imene anthu ambiri amatsata.

Ofunika kufotokozedwa ndi enawo, amene amagugudiza mkaka mpaka kukalamba popanda vuto. Mu 2002 akatswiri a ku Finland adapeza kusintha kwakung'ono m'chibadwa chotengera kwa makolo kumene kumachititsa anthu ambiri a kumpoto kwa Ulaya kupitiriza kupanga lakitezi atakula. Mu 2007 gulu lotsogozedwa ndi Sarah Tishkoff lidasonyeza kuti abusa a ng'ombe a ku Kenya, Tanzania ndi Sudan ali ndi kusintha kwawokwawo, kosiyana ndi kwa Azungu, kumene kumagwira ntchito yomweyo. Ndiye kuti luso limeneli lidabuka kangapo m'malo osiyanasiyana, m'zaka masauzande angapo zapitazi, makamaka kumene anthu ankadalira mkaka wa ziweto kuti akhale ndi moyo. Si nkhani ya khungu. Mmasai ndi munthu wa ku Sweden akufanana pamenepa, pamene anthu ambiri ochokera m'mitundu ya alimi a mbewu, kuno kwathu ngakhale ku China, alibe lusoli.

Lakitozi wosadulidwa amatsikira m'matumbo aakulu, ndipo kumeneko amachita zinthu ziwiri. Amakokera madzi m'matumbo, chimbudzi n'kukhala chamadzimadzi. Komanso mabakiteriya okhala m'menemo amamusasitsa ngati mowa mumtsuko, n'kutulutsa mpweya umene umafufumitsa mimba. Zizindikiro zimayamba pakatha theka la ola mpaka maola awiri, ndipo kukula kwake kumatsata kuchuluka kwa shuga amene walowa. Taganizani za munthu wa lakitezi wochepa. M'mawa akathira masupuni aakulu awiri a mkaka m'tiyi, walowetsa galamu imodzi ndi theka basi, ndipo nthawi zambiri samva kanthu. Akamwa kapu ya mamililita 250 walowetsa magalamu pafupifupi 12, mlingo umene kafukufuku amasonyeza kuti anthu ambiri otere amaupirira, makamaka akamwa pamodzi ndi chakudya, popeza chakudyacho chimachedwetsa mkaka kutuluka m'chifu. Koma akamwa paketi yonse ya theka la lita m'mimba mulibe kanthu, magalamu akufika 24, ndipo pamenepo ulendo wa pa minibasi umakhala wautali. N'chifukwa chake chambiko ndi yogati zimawayanja ambiri: mabakiteriya osasitsa mkaka amakhala atadyako shugayo. Batala ndi tchizi wouma zimakhala ndi lakitozi wochepa kwambiri. Kuwiritsa mkaka kumapha tizilombo, koma shugayo sikumuchotsa.

Ziwengo za mkaka ndi nkhani ina. Apa shuga alibe mlandu. Chitetezo cha m'thupi chikudana ndi mapuloteni, monga kesini, amene amaundana mkaka ukasasa, ndi ena otsalira m'madzi a mkakawo. Vutoli limapezeka kwambiri mwa makanda, pafupifupi awiri kapena atatu pa 100 alionse, ndipo ambiri limawathera akamakula, mosiyana ndi kuchepa kwa lakitezi kumene kumabwera munthu akamakula. Mtundu wofulumira umaoneka pa mphindi zochepa chabe: zidzolo, kutupa nkhope ndi milomo, kusanza, kupuma molira m'chifuwa. Zikafika poipa, kukhosi kumatsekeka, magazi amasiya kuthamanga bwino, ndipo chofunika ndi jakisoni wa adirenalini mwamsanga. Palinso mtundu wochedwa, umene umaoneka patatha maola kapena masiku, mwina ngati timagazi m'chimbudzi cha khanda. Kwa mwana wa ziwengo zoopsa palibe mlingo wabwino. Kadontho kotsalira pasupuni kangayambitse zonsezi.

Wina anganene kuti kusiyanitsaku n'kwa madokotala, popeza onse awiri akasiya mkaka amapeza bwino. Mfundoyi ikumveka, koma imagwa tikaona zimene anthu amachita akasiya mkaka wa ng'ombe, chifukwa amafuna cholowa m'malo. Mkaka wolembedwa kuti ulibe lakitozi ndi mkaka wa ng'ombe womwewo, wongothiramo lakitezi ku fakitale. Mapuloteni onse alimo. Umathandiza wofufuma mimba uja, koma kwa mwana wa ziwengo ndi woopsa ngati mkaka wina uliwonse. Chambiko ndi tchizi n'chimodzimodzi. Nawo mkaka wa mbuzi, umene ambiri amauyamikira, suthandiza mbali iliyonse: lakitozi ulinso naye, ndipo mapuloteni ake amafanana kwambiri ndi a ng'ombe moti ana ambiri a ziwengo umawayambitsiranso vuto. Kumbali inayo, wamkulu amene wadziuza kuti ali ndi ziwengo, pamene n'kuchepa chabe kwa lakitezi, amataya pachabe gwero labwino la kashiamu ndi mapuloteni, ngakhale kuti usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yake angatseke mpatawo.

Ena amati vuto lawo silingakhale la lakitezi chifukwa adakula akumwa mkaka bwinobwino. Koma umu ndi momwe vutoli limabwerera, popeza lakitezi amatsika pang'onopang'ono ndipo ena amadzazindikira atakula ndithu. Njira yosavuta yodziyesera ndiyo kusiya mkaka kwa masabata awiri, kenako n'kumwa kapu imodzi ndi kuona ngati zizindikiro zabwerera. Kuchipatala chimene chili ndi zida, munthu amamwetsedwa lakitozi woyezedwa, n'kumapumira m'chida choyeza haidirojeni, mpweya umene umachokera kwa mabakiteriya aja okha. Koma kuyesera kunyumbaku n'kwa amene vuto lawo limathera m'mimba. Amene adatupapo milomo kapena kubanika atamwa mkaka asayesere yekha.

Pali nthawi inanso imene lakitezi amachepa, ndipo imasokoneza makolo ambiri. Mwana akadwala kwambiri matenda otsegula m'mimba, kapena akanyentchera, khoma la matumbo limanyuka ndipo lakitezi amachoka nalo. Zikatero mkaka wa ng'ombe kapena wa m'chitini ungapitirize kumutsegula m'mimba ngakhale matenda enieniwo atapita. Izi si ziwengo, ndipo si zachibadwa. Khomalo likapola, kawirikawiri m'masabata ochepa, lakitezi amabwerera. Pa nthawi yonseyi mayi apitirize kuyamwitsa, chifukwa mkaka wa m'mawere, ngakhale uli ndi lakitozi wambiri, umathandiza matumbowo kupola msanga ndipo umateteza mwana kuti asathe madzi m'thupi.